Tchati Chagona pa Ziro Pomwe Manambala Alipo: Mmene Mungakonzere Manambala Amene Excel Ikuwatenga Ngati Mawu

Tebulo ladzaza ndi manambala, mwezi uliwonse uli ndi yake, koma tchati chili mbee, kapena mzere wake wangogona pansi kuyambira Januwale mpaka Disembala. Anthu ambiri zikatere amalimbana ndi tchaticho: kusintha mtundu wake, kuchifufuta n'kupanga china, kukoka ngodya zake. Nthawi yonseyo imapita pachabe, chifukwa tchati chimangojambula zimene chapatsidwa. Selo likakhala ndi mawu, Excel imalijambula ngati ziro. Ndipo 1215 amene maso anu akumuwerenga ngati nambala akhoza kukhala kuti kwa Excel ndi zilembo zinayi zondondozana, zosasiyana ndi dzina la munthu.

Mfundo imene ndikufuna kuikirapo mtima ndi yakuti manambala osungidwa ngati mawu si matenda amodzi. Alipo amitundu ingapo, amaoneka mofanana pa sikirini, koma mankhwala a mtundu wina sagwira pa mtundu unzake, ndipo nthawi zina amawononga. Choncho musanakonze, yambani mwadziwa kuti m'selomo muli chiyani kwenikweni. Titenge tebulo limodzi lachitsanzo n'kuyenda nalo mpaka tchati chake chitadzuka.

Tebulo lake ndi ili. Mu kolamu A muli miyezi 12, kuyambira A2 mpaka A13. Mu kolamu B muli kulemera kwa katundu amene anatumizidwa mwezi uliwonse, m'makilogalamu. Manambalawa sanalembedwe pamanja, anakopedwa kuchokera mu lipoti la pulogalamu ina. Kompyuta imene tikugwiritsa ntchito imalekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take ndi kadontho, monga 1180.5.

```
Januwale     1180.5
Febuluwale   1215
Malichi      1302.25
Epulo        1274.5
Meyi         1260
Juni         1.250,50
Julayi       1331
Ogasiti      1298
Seputembala  -
Okutobala    1345.75
Novembala    1402
Disembala    1390
```

Tchati cha mzere chimene chinalipo kale, chowerenga B2:B13, chagwa. Mzere wagona pa 0, ndipo manambala a m'mphepete kumanzere, amene kale ankafika m'masauzande, tsopano akungoyambira pa 0 n'kuthera pafupi ndi 1. Chizindikiro chimenechi n'chodalirika kwambiri. Excel ikapeza kuti zonse zimene ikujambula ndi ziro, imasowa poyezera, ndiye imangoika sikelo yaing'ono yoteroyo. Chikanakhala tchati cha mizati, mukanaona mayina a miyezi pansi koma popanda mzati ndi umodzi womwe.

Mmene mungatsimikizire kuti ndi mawu

Poyambira posavuta ndi mbali imene manambala atsamira. Ngati palibe amene anasintha kaimidwe kake, Excel imakankhira manambala kumanja kwa selo, mawu kumanzere. Futukulani kolamu B kuti ikule, muone. Koma musadalire izi zokha, popeza munthu akhoza kuika zonse pakati kapena kumanja, umboniwo n'kufufutika. Kachizindikiro kobiriwira ka ngodya zitatu kamene kamaoneka pakona ya pamwamba kumanzere kwa selo nakonso kamathandiza, koma monga tionere, kamangotulukira pa maselo amene Excel ikutha kuona yokha kuti akanakhala manambala. Pa maselo ovuta kwambiri sikaoneka.

Umboni weniweni ndi kuwerenga. Sankhani B2:B13 n'kuyang'ana pansi penipeni pa windo. Akakhala manambala, pamalembedwa Average, Count ndi Sum. Akakhala mawu okhaokha, pamangotsala Count. Kuti mukhale ndi choyang'anira pamene mukukonza, lembani mafomula awiri awa m'maselo opanda kanthu, chapatali pang'ono ndi tebulo:

```
=COUNT(B2:B13)
=COUNTA(B2:B13)
```

COUNT imawerenga maselo okhala ndi manambala enieni okha. COUNTA imawerenga selo lililonse limene muli kanthu. M'tebulo lathu COUNTA ikupereka 12, COUNT ikupereka 0. Kusiyana kwa awiriwa ndiko kuchuluka kwa maselo amene akufunika ntchito. Asiyeni mafomulawo pomwepo mpaka kumapeto, chifukwa ndi amene azikuuzani ngati njira imene mwayesa yagwiradi. Ngati kompyuta yanu imagwiritsa ntchito mpatuliro pa tizigawo ta nambala, mafomula okhala ndi mbali zingapo amene akubwerawa muzilekanitsa mbali zakezo ndi ; m'malo mwa mpatuliro.

Pali msampha wina umene umasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Munthu amalemba =B2+B3 kuti ayese, yankho n'kutuluka 2395.5, iye n'kunena kuti manambalawo ali bwino. Ayi. Chizindikiro cha + chimakakamiza Excel kusandutsa mawuwo kukhala nambala pa nthawi yowerengerayo basi, selo lenilenilo silisintha. SUM sichita zimenezo, imangodumpha mawu mwakachetechete, n'chifukwa chake =SUM(B2:B13) ikupereka 0 popanda chenjezo lililonse. Tchati nacho sichisandutsa kanthu. Mukafuna kuyesa selo limodzi, funsani =ISNUMBER(B2). Yankho likakhala FALSE, nkhani yatha.

Gulu loyamba: manambala abwinobwino ovala chizindikiro cha mawu

Awa ndi amene zilembo zake zilibe vuto, kungoti analowa m'selo limene linali litaikidwa kale pa Text, kapena ali ndi nkhodolero kutsogolo, monga '1215. Nkhodoleroyo sioneka m'selo, imaoneka m'kabokosi ka fomula pamwamba mukadina selolo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira. Amasankha kolamu, kupita pa Home, kusintha Text kukhala Number kapena General, n'kudikira kuti tchati chidzuke. Sichidzuka. Chifukwa chake n'chakuti Excel imasankha kuti ichi ndi nambala kapena ndi mawu pa nthawi imene chinthucho chikulowa m'selo. Kusintha kaonekedwe pambuyo pake kumangouza Excel mmene idzalandirire chimene chidzalowe mtsogolo. Zili ngati kusintha chizindikiro pa thumba koma zam'kati zili zomwezo. Kuti selo lisinthedi, zimene zili m'menemo ziyenera kulowetsedwanso. Pa selo limodzi, mutasintha kukhala General, dinani F2 kenako Enter, muona nambala ikudumphira kumanja. Pa maselo 12 zimenezo n'zotheka, pa maselo masauzande ayi.

Njira yachangu ndi ya kachizindikiro kobiriwira kaja. Sankhani B2:B13, kuyambira pa selo limene lili nako. Zimenezi n'zofunika, chifukwa kabatani kachikasu kochenjeza kamatuluka potengera selo limene mwayambira, ndipo mukayambira pa mutu wa kolamu kapena pa selo lopanda kachizindikiroko simukaona. Dinani kabataniko n'kusankha Convert to Number.

Ngati kabataniko palibe, mwina chifukwa wina anazimitsa zochenjeza, pali njira ina imene ndimaikhulupirira kuposa zonse pa kolamu yaitali. Sinthani kolamu kukhala General, isankheni yokha, pitani pa Data, Text to Columns. Sankhani Delimited, pa tsamba lachiwiri onetsetsani kuti Comma ndi Space sizinachongedwe, kenako Finish. Cholinga si kugawa chilichonse. Lamuloli limangochititsa Excel kuwerenganso selo lililonse ngati kuti likulembedwa kumene. Kuyang'ana tsamba lachiwirilo musakudumphe. Excel imakumbukira zimene munachonga ulendo wapita, ndipo ngati Comma ikadali yochongedwa, 1.250,50 wa Juni ang'ambika pakati, theka lake n'kupita mu kolamu C pamwamba pa chilichonse chimene chinali m'menemo. Lamuloli limagwira kolamu imodzi pa nthawi.

Makolamu akachuluka, anthu amagwiritsa ntchito Paste Special: kulemba 1 m'selo lopanda kanthu, kumukopa, kusankha maselo onse, Ctrl+Alt+V, Multiply, OK. Imagwira, koma ili ndi mtengo wake. Selo lililonse lopanda kanthu limene lili m'gulu losankhidwalo limasanduka 0, ndipo ziro ameneyo ndi nambala yeniyeni imene tchati chidzaijambula komanso AVERAGE idzaiwerengera. Ngati tebulo lili ndi mipata, njira imeneyi ipeweni.

Titachita Convert to Number pa tebulo lathu, COUNT yachoka pa 0 kufika pa 7. SUM ikupereka 9024.5. Tchati chadzuka, koma chikuoneka ngati mano a sowo: Epulo, Juni, Ogasiti, Seputembala ndi Novembala akugwera pa ziro. Kunena zoona, tchati chimenechi n'choopsa kuposa chogona chija. Chogona chimaonekeratu kuti chafa, palibe amene angachiike mu lipoti. Ichi chikuoneka chamoyo, ndipo wowerenga angakhulupirire kuti miyezi isanuyo sikunatumizidwe kalikonse. M'tebulo la mizere masauzande, maselo asanu oterewa simungawaone n'komwe pa tchati, koma chiwerengero chonse chimakhala chitaperewera. N'chifukwa chake COUNT ndi COUNTA ziyenera kukhala pamaso panu.

Kuti mupeze otsalawo msanga, sankhani B2:B13, dinani F5, Special, Constants, n'kusiya Text yokha yochongedwa. Excel isankha maselo a mawu okhaokha. Apakeni mtundu kuti muziwaona.

Gulu lachiwiri: chilembo chosaoneka

Epulo akuoneka 1274.5, palibe kachizindikiro kobiriwira, F2 ndi Enter sizikusintha kanthu, Text to Columns yalepheranso. Werengani zilembo zake. 1274.5 ali ndi zilembo 6, kuphatikizapo kadontho.

```
=LEN(B5)
=UNICODE(RIGHT(B5,1))
```

LEN ikupereka 7. Muli chilembo chimodzi chimene maso sakuchiona. Fomula yachiwiri ikufunsa nambala ya chilembo chomaliza, ndipo yankho ndi 160. Mpata wamba, umene mumalemba ndi batani lalitali la pa kiyibodi, nambala yake ndi 32. Uyu wa 160 ndi mpata wamtundu wina, umene masamba a pa intaneti ndi malipoti ambiri amagwiritsa ntchito kuti mawu asaduke kumapeto kwa mzere. Amabwera kawirikawiri mukakopa tebulo kuchokera pa tsamba la intaneti kapena mu imelo. Chikakhala kuti chilembo chomaliza n'chabwino, yesani LEFT m'malo mwa RIGHT, popeza chimatha kukhalanso kutsogolo.

Malangizo ofala akuti gwiritsani ntchito TRIM ndi CLEAN sathandiza pano. TRIM imachotsa mpata wa nambala 32 wokha. CLEAN inapangidwira zilembo zosasindikizika za nambala 0 mpaka 31, monga chodulira mzere cha nambala 10. 160 amadutsa pakati pa ziwirizi osakhudzidwa. Chofunika ndi kumutchula ndi nambala yake n'kumuchotsa:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(B5,UNICHAR(160),""))
```

SUBSTITUTE ikuchotsa chilembocho, koma zotsatira zake zimakhalabe mawu, ndiye VALUE ndi imene ikuzisandutsa nambala. Ambiri amaiwala VALUE n'kudabwa kuti tchati sichikusintha. UNICODE ndi UNICHAR zinayamba kupezeka mu Excel 2013. Pa Excel yakale ya pa Windows, CODE ndi CHAR(160) zimagwira ntchito yomweyo.

Chinthu china chimachitika kawirikawiri pa sitepe imeneyi. Mwalemba fomula mu kolamu yatsopano, mwadina Enter, koma m'malo mwa yankho selo likuonetsa fomulayo momwe mwailembera, ndi = wake yemwe. Kolamu imene mwangoikayo yatengera Text kwa kolamu yoyandikana nayo. Isintheni kukhala General, kenako F2 ndi Enter pa fomulayo.

Ngati simukufuna kolamu ina, chilembocho chikhoza kuchotsedwa pomwepo. Sankhani B2:B13, tsegulani Ctrl+H, mu Find what gwirani Alt n'kulemba 0160 pa mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi, Replace with musiye mopanda kanthu, kenako Replace All. Pa laputopu yopanda mabatani amenewo, lowani m'selo B5 ndi F2, sankhani chilembo chomalizacho ndi Shift ndi muvi wakumanzere, chikopeni n'kuchimata mu Find what. Maselo akakhala pa General, Excel imawawerenganso pamene ikusintha, ndipo amasanduka manambala nthawi yomweyo. Akakhala pa Text, chilembocho chichoka koma akhalabe mawu, ndiye muyenera kubwerezanso Text to Columns.

160 si yekha. UNICODE ikakupatsani 8239, umenewo ndi mpata wopyapyala umene mapulogalamu ena amaika pakati pa masauzande, monga 1 402. Ikakupatsani 8722 kutsogolo kwa nambala, chimenecho ndi chizindikiro cha kuchotsera cha osindikiza mabuku, chimene chimafanana ndi - wa pa kiyibodi koma si iye, ndipo muyenera kuchisintha ndi - wamba osati kungochichotsa, apo ayi nambala yotsika pansi pa ziro isanduka yokwera. Njira yake ndi yomweyo: pezani nambala ya chilembo, iikeni mu UNICHAR.

Epulo, Ogasiti ndi Novembala atakonzedwa, COUNT yafika pa 10, SUM pa 12999.

Gulu lachitatu: kadontho ndi mpatuliro zasinthana

Juni walembedwa 1.250,50. M'mayiko ambiri a ku Ulaya, monga Germany, amalemba chonchi: kadontho pa masauzande, mpatuliro pa tizigawo. Tanthauzo lake ndi 1250.5. Kompyuta yathu ikuyembekezera zosemphana ndi zimenezo, ndiye yalephera kumumvetsa n'kumusiya ngati mawu. VALUE ipereka #VALUE!, chifukwa nayo imatsatira malamulo a kompyuta. Fomula yoyenera ndi NUMBERVALUE, ya mu Excel 2013 kupita mtsogolo, imene imakulolani kutchula nokha kalembedwe ka nambalayo: choyamba cholekanitsa tizigawo, chachiwiri cholekanitsa masauzande.

```
=NUMBERVALUE(B7,",",".")
```

Yankho ndi 1250.5. Text to Columns ili ndi zofanana ndi zimenezi pa tsamba lachitatu, pa batani la Advanced, pamene pali Decimal separator ndi Thousands separator. Pomwepo palinso Trailing minus for negative numbers, yothandiza pa malipoti amene amalemba 350- m'malo mwa -350.

Koma samalani kwambiri, chifukwa apa ndi pamene mankhwala amasanduka poizoni. Mukakokera fomula ya Juniyo pa kolamu yonse, 1274.5 wa Epulo awerengedwa motsatira lamulo lakuti kadontho n'kolekanitsa masauzande. Kadonthoko katayidwa, yankho n'kukhala 12745. Palibe chenjezo, ISNUMBER inena TRUE, ndipo tchati chionetsa mapiri aatali pa Malichi ndi Okutobala, amene asanduka 130225 ndi 134575, miyezi ina n'kuphwanyidwa pansi. Kolamu yosakanikirana kalembedwe iyenera kukonzedwa m'magulu, gulu lililonse ndi lamulo lake. Dziwaninso kuti NUMBERVALUE ikapatsidwa selo lopanda kanthu imabweza 0.

Vuto la kalembedweli lili ndi m'bale wake woipa kwambiri, amene sagwidwa ndi mayeso onse amene tatchula. Tiyerekeze kuti fayilo ya CSV ili ndi 1.250, kutanthauza 1250, popanda tizigawo. Mukaitsegula mwa kungoidina kawiri pa kompyuta yathu ija, Excel iwerenga 1.250 ngati nambala yabwinobwino, 1.25, ziro womaliza n'kutayika. COUNT ikhutira. Mwezi umene unali 980 ukhalabe 980, koma miyezi yonse yopitirira 999 igwera pa 1.25, 1.331 ndi zina zotero, ndipo pa tchati izioneka yogona pansi ngati ziro. Mukaona mzere wogona koma ISNUMBER ikuti TRUE, ikani mawusi pa kadontho ka pa tchati muwerenge nambala yake. Ikakhala yaing'ono kuchulukitsa ka 1000 kuposa imene mukuyembekezera, musayambe kuchulukitsa maselo mmodzimmodzi. Bwererani ku fayilo yoyambirira, muitsegule ndi Notepad kuti muone zimene zinalembedwadi, n'kuilowetsanso mwa njira imene ndifotokoze kumapeto.

Juni atalowa, COUNT ili pa 11, SUM pa 14249.5.

Seputembala: pamene palibe nambala yoti ipulumutsidwe

Kamzere ka pa Seputembala si nambala yobisala. Wolemba lipoti anafuna kunena kuti palibe chiwerengero. Funso limene Excel singakuyankhireni ndi lakuti kodi mwezi umenewo sikunatumizidwe kanthu, kapena kunatumizidwa koma sikunayezedwe? Ngati sikunatumizidwe kanthu, lembani 0, ndipo kugwa kwa mzere pa tchati n'koona. Ngati sikunayezedwe, ziro ndi bodza. Kusiyana kwake kumaoneka pa avereji: pa miyezi 11 yodziwika ndi 1295.41, koma mukaika ziro n'kugawa ndi 12 imatsika kufika pa 1187.46.

Pa chiwerengero chosadziwika, fufutani kamzereko ndi Delete kuti selo likhale lopanda kanthu kwenikweni. Kenako dinani tchati ndi batani lakumanja, Select Data, Hidden and Empty Cells. Pali zosankha zitatu: Gaps imasiya mpata pa mzere, Zero imagwetsa mzere pansi, Connect data points with line imalumikiza Ogasiti ndi Okutobala molunjika. Pa lipoti ine ndimaona kuti Gaps ndi yachilungamo kwambiri, chifukwa wowerenga amaona yekha kuti pamenepo palibe chodziwika.

Zosankha zimenezi zimagwira pa maselo opanda kanthu enieni okha. Selo lokhala ndi fomula yobweza "" limaoneka loyera, koma "" ndi mawu, mawu opanda chilembo, ndipo tchati chimalijambula ngati ziro ngakhale mutasankha Gaps. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zofala kwambiri zimene zimagwetsa mzere pa miyezi imene sinafike. Fomula yonga =IF(B13="","",B13) ndiyo imachita zimenezi. M'malo mwa "" ikani NA(), imene imabweza #N/A. Tchati sichijambula kadontho pa #N/A. Mu Excel yakale mzere umangodutsa pamenepo kulumikiza oyandikana, pomwe mu Excel ya Microsoft 365 muli bokosi la Show #N/A as empty cell m'windo lomwe lija, lochititsa kuti #N/A atengedwe ngati selo lopanda kanthu. Kuipa kwa #N/A n'kwakuti amawononga SUM ya kolamu imeneyo. Pamenepo gwiritsani ntchito AGGREGATE, imene ikhoza kudumpha zolakwika, monga pano pamene mafomulawo ali mu kolamu C:

```
=AGGREGATE(9,6,C2:C13)
```

9 akutanthauza kuphatikiza, 6 akutanthauza kunyalanyaza zolakwika.

Poti tafika pa mafomula, dziwani kuti ena amabala mawu mwachibadwa, ngakhale zimene akuonetsa zili manambala okhaokha. LEFT, MID, RIGHT, TEXT, SUBSTITUTE ndi chilumikizo cha & zonse zimabweza mawu. Momwemonso nambala yoikidwa m'mitengero, monga "0" mkati mwa IF. Maselo otere Convert to Number ndi Text to Columns sizingawathandize, popeza vuto lili mu fomula. Ikuteni ndi VALUE, kapena chotsani mitengeroyo. Ndipo ngati munagwiritsa ntchito TEXT kuti nambala ioneke ndi "kg" kumapeto, ichotseni. Siyani nambala ikhale nambala, ndipo kaonekedweko mukaike pa Ctrl+1, Custom, polemba 0.0 "kg". Selo lionetsa 1180.5 kg koma mkati mukhalabe nambala yeniyeni.

Ndikuchenjezaninso za chizolowezi chokuta fomula yoyeretsera ndi IFERROR yobweza NA() kuyambira pachiyambi. Mukanatero m'tebulo lathu, Juni akanasanduka #N/A limodzi ndi Seputembala, tchati chikanaoneka chaudongo, ndipo makilogalamu 1250.5 akanasowa osadziwika. #VALUE! ndi amene amakulozerani selo lofunika kuliyang'ana. Mubiseni pokhapokha mutadziwa chifukwa cha aliyense.

Manambala akonzeka koma tchati sichinasinthe

Tchati chimene chinapangidwa manambala adakali abwino chimadzuka chokha. Chimene chinapangidwa pamene kolamu yonse inali mawu nthawi zambiri sichidzuka, chifukwa pa nthawi yochipanga Excel inaganiza kuti kolamu B ndi mayina ngati kolamu A, n'kugawa maselo molakwika. Mu Select Data mukhoza kupeza manambala anu atakhala kumbali ya Horizontal (Category) Axis Labels. Chachangu n'kufufuta tchaticho n'kupanga china. Ngati munachikongoletsa kale, dinani mzere wake n'kuyang'ana m'kabokosi ka fomula. Payenera kukhala zonga izi:

```
=SERIES(Sheet1!$B$1,Sheet1!$A$2:$A$13,Sheet1!$B$2:$B$13,1)
```

Mbali yoyamba ndi dzina la mzere, yachiwiri ndi mayina a pansi, yachitatu ndi manambala ojambulidwa. Ngati manambala oyera ali mu kolamu C, mbali yachitatuyo iyenera kuloza ku $C$2:$C$13, apo ayi tchati chikuwerengabe mawu akale. Njira ina ndi kukopa C n'kumata pa B ndi Paste Special, Values, B ili pa General. Ndipo musabise kolamu C pofuna kuti tsamba lioneke bwino. Excel sijambula maselo obisika pokhapokha mutachonga Show data in hidden rows and columns, ndiye tchati chidzayeranso mbee pa chifukwa china. Yang'ananinso Format Axis: ngati wina analemba Maximum pamanja, dinani Reset kuti sikelo ibwerere pa Auto.

Tchati cha madontho, Scatter, chili ndi khalidwe lakelake. Mawu akakhala mu kolamu ya X, ngakhale selo limodzi lokha, Excel imataya manambala onse a X n'kuika 1, 2, 3 mpaka kumapeto. Tchati chimaoneka bwinobwino, madontho atatalikirana mofanana, koma si anu. Mukaona manambala a pansi akungowerenga mizere ya tebulo, funsani COUNT pa kolamu ya X.

Kuti ntchitoyi isamabwerezedwe mwezi uliwonse

Ngati lipotilo limabwera kawirikawiri ngati CSV, lekani kulitsegula ndi kudina kawiri. Pitani pa Data, From Text/CSV, kenako Transform Data kuti mulowe mu Power Query. Pamutu pa kolamu iliyonse pali kachizindikiro: ABC ndi mawu, 123 ndi nambala yathunthu, 1.2 ndi nambala ya tizigawo. Ngati Power Query yadziikira kale sitepe ya Changed Type, ifufuteni, chifukwa ikhoza kukhala itawerenga kale 1.250 ngati 1.25. Kenako dinani mutu wa kolamu ndi batani lakumanja, Change Type, Using Locale, n'kusankha Decimal Number ndi dziko limene kalembedwe kake n'kofanana ndi ka fayiloyo. Selo lokanika limalembedwa Error poyera m'malo mobisala ngati mawu. Mwezi wotsatira, fayilo yatsopano ikaikidwa pamalo omwewo ndi dzina lomwelo, Refresh ibwereza masitepe onse.

Pa sitepe yomweyo sankhani makolamu amene ayenera kukhalabe Text. Nambala ya katundu monga 00731 ikasandutsidwa imataya maziro ake n'kukhala 731. Nambala yaitali yozindikiritsa chinthu imawonongeka moipa kuposa pamenepo, chifukwa Excel imasunga manambala 15 oyambirira okha, otsatirawo n'kuwasandutsa maziro, ndipo fayilo ikasungidwa sabwereranso. Makolamu otere malo ake pa tchati ndi pansi, ngati mayina, ndipo kachizindikiro kobiriwira kakatulukapo, yankho lake ndi Ignore Error.